Ounika awiri akokana, pepala ndi limodzi: nditsate uti?

"Achimwene, pepala langa la kafukufuku wa usipa umene umawonongeka pathandala ku Senga Bay labwerako ku magazini ndi major revision, kutanthauza kuti ndilikonze kwambiri asanalionenso. Wounika woyamba akuti ndichotse mawu onse a amayi ogula nsomba amene ndinacheza nawo, ati ndi nkhambakamwa, ndisiye manambala okha. Wachiwiri akuti mawu a amayiwo ndiye mtima wa pepala lonse, ndiwonjezere. Andipatsa masiku 30, asupavaiza anga sakuyankha foni. Nditsate uti? Ndine mlongo wanu wa ku Salima."

Achemwali, imelo yanuyi ndaiwerenga ndili pakhonde kuno ku Nkhotakota, mwera ukuwomba, ndipo ndinayamba ndaseka ndekha. Sikuti ndimakusekani ayi. Mwandikanda pachilonda chimene ndinkayesa kuti chinapola kalekale. Mundilole ndiyambe ndi zanga, chifukwa ine funso lomweli ndinaliyankha molakwika, ndipo kulakwitsako kunandidyera miyezi isanu ndi iwiri.

Zaka zingapo zapitazo tinayeza likodzo mwa ana a m'masukulu a pulayimale asanu ndi atatu m'boma lino, ena a mphepete mwa nyanja cha ku Chia, ena a kumtunda cha ku Mwansambo. Sukulu iliyonse tinatengapo ana 50, onse pamodzi 400. Manambala ena ndawasalaza pang'ono kuti masamu asatizunguze mutu, koma nkhani yake ndi momwemo. Ntchito yake mwina mukuidziwa: mkodzo umatengedwa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, poti ndi nthawi imene mazira amatuluka ambiri. Mumayamba mwaviika kapepala koonera ngati muli magazi, kenako mumakoka mamililita 10 ndi sirinji n'kuwasefa, sefayo n'kuiika pa maikulosikopu kufunafuna mazira aja okhala ndi kaminga kunsonga. Ana a sitandade 7 ankabisa mabotolo m'malaya pobwera nawo, manyazi. Mphunzitsi wamkulu wina anatibwereka ofesi yake kuti ikhale labu, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati fungo lija linatha.

Tinapeza mazira mwa ana 160, kutanthauza 40 pa 100 aliwonse. Panalinso ana 30 amene kapepala kanaonetsa magazi koma mazira osaoneka. Ndinalemba pepala langa, kutumiza ku magazini ina ya zachipatala imene sinditchula dzina, n'kudikira miyezi itatu ndikutsegula imelo m'mawa uliwonse ngati munthu woyembekeza ndalama za ku Joni.

Itabwera, wounika woyamba anali waulemu ngati mlamu watsopano. Anayamikira ntchito, anati tebulo loonetsa sukulu iliyonse payokha likungotalikitsa nkhani, ndilichotse, ndipereke nambala imodzi ya dera lonse ndipo ndinene molimba mtima kuti derali lili pansi pa 50 pa 100. Nthawi imeneyo, malangizo a 2022 asanatuluke, bungwe la WHO linkaika mzere pa 50 pa 100: dera likafika pamenepo ana a sukulu ankayenera kulandira mankhwala a purazikwantelo chaka chilichonse, likakhala pakati pa 10 ndi 50 ankalandira kamodzi pazaka ziwiri. Ndiye mzerewo sunali wamasewera. Anatinso ana 30 aja ndiwawerengere m'gulu la odwala, chifukwa mazira satuluka mofanana tsiku lililonse, ndipo mwana amene likodzo lake ndi lochepa mukhoza kumuphonya mukamuyeza kamodzi kokha.

Wachiwiri analibe moni. Anangoyamba ndi nambala 1 mpaka 14. Anati tebulo la masukulu likulitsidwe, osati kuchotsedwa. Anati masamu anga atenga ana 400 ngati kuti aliyense anatoledwa payekha, pomwe ana a sukulu imodzi amasamba padooko limodzi. Anati ana 30 aja asayandikire n'komwe gulu la odwala, poti ambiri mwa iwo akhoza kukhala atsikana amene ali kumwezi. Ndipo anamaliza ndi chiganizo chimene ndinachiloweza osafuna, choti olemba pepalali akuoneka kuti sanafunsepo munthu wodziwa masamu a kafukufuku.

Ndinakwiya masiku atatu. Akazi anga anati nsima ya kondowole ndinkaidya ngati ndikulimbana nayo.

Tsono chimene ndinachita n'chimene anthu ambiri amachita, ndipo n'chimene ndikuopa kuti inunso mwayamba kale kuchiganizira usiku. Ndinafuna kusangalatsa onse awiri. Tebulo la masukulu ndinalisiya koma ndinalifinya kuti woyamba asadandaule. Pachidule cha pepala ndinaika 47.5 pa 100, kuphatikiza ana 30 aja, kuti woyamba aone kuti ndamumvera. M'tebulo ndinasiya 40 pa 100 kuti wachiwiri aone kuti nayenso ndamumvera. Nkhani ya ana osamba padooko limodzi ndinaiponyera kachiganizo kamodzi kumapeto, pamene timavomereza zofooka za kafukufuku, masamu osawakhudza. Ndinatumiza ndikudzitama kuti ndine nkhoswe waluso. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine inandivumbwa ya matalala. Pepala linabweranso, wachiwiri akufunsa funso limodzi lokha: nanga nambala yeniyeni ndi iti, 40 kapena 47.5? Woyamba naye, waulemu uja, analemba kuti pepalali tsopano silikumveka chimene likufuna kunena. Onse awiri ndinawataya.

Apa m'pamene ndinapita kwa mayi wina wopuma pantchito, amene anaphunzitsapo masamu a zaumoyo kwa zaka zambiri, ndipo masiku ano amalima mpunga kufupi ndi Bua. Ndinawapeza akuingitsa mbalame. Sanafune kuona ndemanga za ounika. Anati, "Mwana wanga, kalata ya mkonzi ili kuti?" Ndinaitsegula pafoni. Inali ndime ziwiri zokha, ndipo ine ndinali nditaidumpha ulendo woyamba uja, kuthamangira kukaona zimene ounika andinena. M'ndime yachiwiri mkonzi analemba kuti ndisamale kwambiri nkhani ya masamu imene Reviewer 2 wadzutsa. Chiganizo chimodzi chokha, koma chinali pamenepo miyezi yonseyi.

Mayi aja anandiyang'ana ngati mwana amene wasaka mbuzi m'mudzi monse, mbuziyo ili m'khola. Kenako anati, "Ounika salandira pepala ndipo salikana. Iwo ndi mboni chabe. Mlandu amagamula ndi mkonzi."

Mawu amenewa ndimawakhulupirira tsopano kuposa mmene mayiwo ankawakhulupirira, ndipo ndinene mosapsatira: maganizo oti ndemanga iliyonse ya wounika iyenera kutsatidwa ndi bodza limene timaphunzitsana tokha chifukwa cha mantha. Ife tinaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa. Tikaona ndemanga yochokera kutali, m'Chingerezi chosalala, timagwada nthawi yomweyo. Koma wounika ndi munthu wotanganidwa amene kawirikawiri salipidwa, wawerenga pepala lanu madzulo amodzi kapena awiri, ndipo Chia sanaionepo. Akhoza kulondola, akhoza kuphonya. Chimene muli nacho ngongole kwa iye ndi yankho la ndemanga iliyonse. Kumvera ndi nkhani ina.

Ndiye tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iwo n'kutenga kope la mdzukulu wawo. Anati pa mkangano uliwonse ndifunse funso limodzi: ndikapanda kutsatira ndemanga iyi, kodi chimene pepala langa likunena chikhala chabodza, kapena chingokhala chosakoma kwa munthu ameneyu?

Tinayamba ndi ana osamba padooko limodzi. Nkhani yake ndi yoti ana a sukulu imodzi amafanana. Ngati dooko lawo lili ndi nkhono zofalitsa likodzo, ambiri adwala limodzi, ndiye mwana wachiwiri ndi wachitatu wa pasukulupo sakukuuzani zambiri zatsopano zimene woyamba sanakuuzeni. Pali kachiwerengero kake kosavuta:

```
DEFF = 1 + (m - 1) × ICC
```

Apa DEFF ndi nambala imene mumagawira nayo chiwerengero cha ana onse kuti mupeze mphamvu yawo yeniyeni pamasamu, m ndi ana a pasukulu iliyonse, kwa ife 50, ndipo ICC ndi muyeso wa mmene ana a sukulu imodzi akufananira, kuyambira 0 mpaka 1. Yathu inali cha m'ma 0.1. Ndiye 49 kuchulukitsa ndi 0.1 n'kuwonjezera 1, yankho 5.9. Mukagawa 400 ndi 5.9 mupeza pafupifupi 68. Ana 400 amene ndinkanyadira aja, mphamvu yawo pamasamu inali ngati ya ana 68 otoledwa payekhapayekha.

Taonani chimene izi zinachita. M'pepala ndinali nditalemba kuti nambala yeniyeni ili pakati pa 35 ndi 45 pa 100, kutali bwino ndi mzere wa 50. Titakonza, malire anatambasuka kufika cha pa 28 mpaka 52, ndipo poti masukulu anali asanu ndi atatu okha, ngakhale malire amenewo anali odzikometsera. Mzere wa 50 unali utalowa m'kati. Chiganizo cholimba mtima chimene wounika woyamba ankafuna, choti derali lili pansi pa 50, sindikanatha kuchiikira kumbuyo. Munthu wamwano uja ndiye anali wolondola. Ndipo tebulo la masukulu linayenera kukhalapo, chifukwa ndi limene linkaonetsa kuti masukulu awiri a kunyanja anali pamwamba kwambiri pomwe a kumtunda anali pansi zedi, moti nambala imodzi ya dera lonse sinkafotokoza sukulu iliyonse mwa asanu ndi atatuwo.

Apa ndipatuke pang'ono, poti zimandiwawabe. Kamvekedwe ka wounika kamatinamiza kwambiri. Waulemu timafuna kumutsatira ngati kubweza ulemu, wamwano timafuna kumutsutsa kuti adziwe kuti nafenso tinapita kusukulu. Masiku ano ndikalandira ndemanga, ndimazikopera mu tebulo langalanga n'kuzilembanso m'mawu anga, m'Chichewa, ululu wonse nditauchotsa. "Olemba sanafunse wodziwa masamu" imasanduka "konza malire poganizira masukulu". Ikafupika choncho imaleka kuluma, ndipo m'pamene mumaona kuti ndemanga 14 zija kwenikweni ndi nkhani zinayi. Nthawi zinanso m'pamene mumaona kuti awiri amene mumayesa kuti akutsutsana akudandaula chinthu chimodzi, kungoti mankhwala amene akupereka ndiwo osiyana.

Nkhani ya ana 30 inali yovutirapo, chifukwa pamenepa onse awiri ankanena zoona. N'zoona kuti kuyeza kamodzi kumaphonya ana ena odwala. N'zoonanso kuti magazi a kumwezi amasintha mtundu wa kapepala kaja. Titabwerera m'mafomu tinapeza kuti ambiri mwa ana 30 aja analidi atsikana a makalasi apamwamba, koma osati onse, ndipo funso la kumwezi sitinalifunse, ndiye sitikanatha kuwasiyanitsa. Mayi aja anafunsa kuti pulotokolo imene komiti yoona za kafukufuku inavomereza tisanayambe ntchito inkati wodwala ndani. Inkati wodwala ndi amene mumkodzo mwake mwapezeka dzira ngakhale limodzi. Basi, mlandu unathera pomwepo. Tanthauzo limene munalemba musanaone zotsatira ndi limene limakhala pampando. Mukalisintha mutaona kale manambala, ngakhale wounika ndiye wakupemphani, owerenga ali ndi ufulu wokayikira kuti munasankha limene likukukomerani.

Koma woyamba sitinamubweze chimanjamanja. Tinawerengeranso zonse ndi tanthauzo lake, n'kuika zotsatirazo m'tebulo lowonjezera, ndi ziganizo ziwiri m'pepala zonena kuti ana a magazi okha akawerengeredwa nambala imakwera kufika 47.5 koma masukulu amene ali pamwamba ndi amene ali pansi sasintha. Kusiyana kwake ndi zimene ndinachita poyamba kuli apa: poyamba ndinamwaza manambala awiri m'malo osiyana ndikuyembekeza kuti aliyense aona yake yokha. Ulendo uno nambala yaikulu inali imodzi paliponse, yachiwiri n'kuima pambali ndi dzina lake lomveka.

Panalinso ndemanga ina ya woyamba yoti nditchule mapepala asanu. Nditawafufuza, anayi anali ndi dzina la munthu mmodzi, ndipo atatu sankakamba n'komwe za likodzo la m'chikhodzodzo. Ndinatchula awiri amene ankagwirizana ndi nkhani yanga, enawo ndinayankha mwaulemu kuti ndawawerenga koma akukamba zina. Palibe anadandaula. Khalidwe lokakamiza anthu kukutchula limadziwika bwino m'ntchito imeneyi ndipo akonzi abwino amadana nalo.

Ndisaiwale a malipoti, poti ena mwa inu amene mumawerenga kuno simulemba za magazini, mumalemba malipoti a mapulojekiti. Kumeneko n'kovuta kuposa, chifukwa amene akupereka ndemanga ndi a khonsolo, a bungwe lopereka ndalama ndi abwana anu, ndipo mkonzi palibe. Ndinalembapo lipoti limene wina ankafuna masamba 15, wina ankafuna mudzi uliwonse ukhale ndi gawo lake. Funso ndi lomwe lija koma mumayamba mwafufuza kuti amene asayinire kuti lipoti lalandiridwa ndani, ndiponso kuti chikalata cha ntchito chimene munasayinirana chinati lipotilo liyankhe mafunso ati. Chikalata chimenecho ndiye pulotokolo yanu. Ndipo ngati wina akufuna muchotse chimene mwapeza chifukwa chikumuchititsa manyazi, imeneyo si ndemanga, ndi pempho, ndipo mumuuze alilembe pa imelo. Ambiri amasiyira pomwepo.

Kalata yoyankha

Izi ndiye zimene anthu amazipeputsa. M'magazini ambiri kalata yanu yoyankha imaonedwa ndi ounika onse awiri, ndiye musayese kuuza uyu zina, uyo zina. Pamene akutsutsana nenani poyera. Ine ndinalemba, m'Chingerezi, mawu oti: pa nkhani ya tebulo la masukulu ounika awiri apereka malangizo osiyana, tatsatira wachiwiri chifukwa malire okonzedwa akudutsa mzere wa 50, ndipo pofuna kusamalira nkhawa ya woyamba ya kutalika kwa pepala, tadula ndime ziwiri m'mawu oyamba. Ndinatchulanso tsamba ndi mzere pamene kusintha kulikonse kuli. Yankho lomwelo ndinaliika pansi pa ndemanga ya woyamba ndi pansi pa ya wachiwiri, liwu ndi liwu. Ndinatumiza makope awiri, lina loonetsa zosintha ndi Track Changes, lina loyera. Pepala linalandiridwa patatha masabata asanu, wachiwiri atangolemba kuti wakhutira. Ngakhale zikomo sananene, munthu uja.

Tsono za inu, achemwali. Tsegulani kaye kalata ya mkonzi muone ngati wapendekera mbali ina. Kenako onani tsamba la malangizo a olemba la magaziniyo: ngati amalandira kafukufuku wosakaniza manambala ndi zocheza ndi anthu, ndipo malire a mawu ndi angati. Mukatero bwererani ku funso la kafukufuku wanu monga munalilembera mu pulotokolo. Ngati linali loti usipa wochuluka bwanji umawonongeka, manambala ndiwo mwini nyumba, mawu a amayi ndi alendo. Ngati linalinso loti chifukwa chiyani, monga chifukwa chimene amayanula usanaume kapena chimene amachita mvula ikawapeza, kuchotsa mawu awo ndi kuchotsa umboni wa theka la zimene mwapeza, ndipo zimenezo musalole.

Ine ndikuganiza kuti ounika anu akudandaula chinthu chimodzi. Munthu akati mawu a anthu ndi nkhambakamwa, kawirikawiri ndiye kuti simunafotokoze kuti munacheza ndi angati, munawasankha bwanji, munamasulira bwanji kuchoka m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndiponso munagawa bwanji zimene ananena kukhala mitu. Pali mndandanda wotchedwa COREQ, wa mfundo 32, wothandiza kufotokoza zimenezi. Udutseni mfundo ndi mfundo. Mawu amene angokometsa nkhani achotseni, amene akufotokoza nambala inayake asiyeni ndipo muwaike pafupi ndi nambalayo. Mwina mawu achepa, koma ndime yofotokoza njira ikula, ndipo mudzakhala ndi choyankha kwa onse awiri popanda kunamiza aliyense.

Ngati mwachita zonsezi koma mukuonabe kuti njira ziwirizi zikubala mapepala awiri osiyana, lemberani mkonzi sabata ino, osati tsiku la 28. Ziganizo zinayi zakwana: ndemanga iyi ndi iyi zikutsutsana, ine ndikufuna kuchita chakuti pa chifukwa chakuti, kodi mukugwirizana nazo, ndipo ngati n'kotheka ndipatseni masabata awiri owonjezera. Musamufunse kuti nditani. Mupatseni ganizo lanu kuti iye angovomera kapena kukana. Asupavaiza anu ayikeni pa cc, popeza dzina lawo lili papepalapo ndipo ayenera kuona kalata yoyankha isanapite. Foni angaisiye ikulira, koma akaona dzina la mkonzi m'imelo amayankha tsiku lomwelo.